Mayi Mzere ndi Funso Lachinayi

Pasukulu yonse ankawadziwa ndi dzina lakuti Mayi Mzere. Anali atatayipa makalata ndi mapepala a mayeso kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, mu kaofesi koyandikana ndi ofesi ya ahedi. Munali tebulo, kompyuta, makina osindikizira, kabati yachitsulo ndi mpando umodzi wa alendo womwe sunkakhalidwa kawirikawiri, chifukwa mayiwa sankakonda munthu wowayang'ana zala akamagwira ntchito. Pambali pa kompyuta pankakhala lula yamatabwa. Pepala likatuluka m'makina ankaliyeza ndi lulayo, ndipo likapendekeka pang'ono ankalitembenuza n'kulisandutsa lolembapo mauthenga.

Anayamba ntchito pa taipilaita, m'masiku amene kulakwitsa chilembo chimodzi kunali kuyambiranso tsamba lonse. Anaphunzira pamenepo kuti aphunzitsi ndi anthu anzeru koma osokonekera. Wa mbiri yakale ankaiwala kuika manambala a mafunso. Wa sayansi ankalemba funso lachisanu kawiri. Mayi Mzere ankakonza zonsezi mwakachetechete, osauza munthu, ndipo aphunzitsiwo ankadzitama kuti amalemba mwaudongo. Kunyumba nakonso, amuna awo ankati akasiya nsapato pakhomo amazipeza zitaima pamzere ngati zikudikira kuimba nyimbo.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wa kompyuta, mnyamata wamtali wolemba ngati akuthamangitsidwa. Lachisanu lililonse ankapatsa ana a kalasi yomaliza kamayeso ka mafunso asanu. Funso lililonse linali kapulogalamu kakafupi ka m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, ndipo ana ankayenera kulemba chimene kompyuta ingaonetse, popanda kompyutayo. Ankabweretsa mafunsowo Lachitatu, olembedwa pamanja.

Lachitatu lina Mayi Mzere anafika pa funso lachinayi. Linali lotere:

```
s = 0
for i in range(1, 4):
    s = s + i
print(s)
```

Analiyang'ana. Mzere wachiwiri unathera ndi timadontho tiwiri, ndipo aliyense amene anaphunzira kutayipa amadziwa kuti zobwera pansi pa timadontho tiwiri zimalowa mkati mofanana. Mzere wachitatu unalowa bwino. Wachinayi unali utathawira kumanzere wokha.

"Mwana uyu," anatero, n'kuukankhira mkati ndi mipata inayi kuti ufanane ndi unzake.

```
s = 0
for i in range(1, 4):
    s = s + i
    print(s)
```

Linaoneka bwino kwambiri.

Lolemba m'mawa mphunzitsi wa kompyuta anagogoda. Anali ndi mulu wa mapepala, ndipo anakhala pampando wa alendo asanauzidwe.

"Amayi, ndalepheretsa ana anga onse anzeru."

"Pepani. Zimachitika."

"Ndinachonga ndi pepala langa la mayankho, osayang'ananso funso. Yankho langa ndi 6. Ana khumi ndi asanu ndi anayi alemba 1, 3, 6, ndawathetha onse. Amene apeza ndi aja okhala kumbuyo, chifukwa funso ili ndinalichitapo pabolodi ndipo analoweza 6 osadziwa kumene anachokera. Pali mmodzi amene sanapezepo funso la zozungulira ngati ili chiyambire chaka. Lero akuyenda ngati wagula sukulu."

"Ndiye mwabwera kudzandiuza ine?"

"Mtsikana wina wanditsatira mpaka pakhomo la chimbudzi. Akuti, 'Aphunzitsi, werengani funso lanu.' Ndawerenga. Iye ndiye akulondola."

Anaika pepala patebulo n'kuloza mzere wachinayi.

"Uwu unali kunja."

"Unali wokhota," anatero Mayi Mzere. "Ndinauwongola."

Mnyamatayo anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ana a kumbuyo aja. Mzere wa `for` umauza kompyuta kuti izungulire katatu, `i` akhale 1, kenaka 2, kenaka 3. Zonse zolowa mkati zimachitika pa ulendo uliwonse. Zimene zili kunja zimadikira mpaka kuzungulira kuthe. `print` akakhala kunja amayankhula kamodzi, pamapeto: 6. Akalowa mkati amayankhula ulendo uliwonse: 1, kenaka 3, kenaka 6.

"Mukutanthauza kuti mpata wopanda kanthu uli ndi tanthauzo?"

"Kwambiri, amayi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Sindinkadziwa kuti mumakonza."

"Palibe amadziwa," anatero iwo.

Nkhani inafika kwa ahedi isanakwane nthawi yopuma, chifukwa bambo a mtsikana uja anali ndi foni ndiponso nthawi yambiri. Ahedi anawaitana onse awiri. Ahediwo anali atanenapo kangapo pamisonkhano kuti masiku ano mphunzitsi aliyense angathe kudzitayipira yekha mayeso, ndipo ankanena izi akuyang'ana kudenga.

"Ndikufuna kudziwa chimodzi," anatero ahedi. "Walakwitsa ndani?"

"Mwina ndi kalembedwe kanga, bwana," anatero mphunzitsi uja. "Mukudziwa mmene ndimalembera."

Ahedi anagwedeza mutu. Ankadziwa. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Mayi Mzere anali atabwera ndi fayilo, pakuti ankasunga pepala lililonse lolembedwa pamanja limene analandirapo. Anatulutsa la Lachitatu, anaika lula pamwamba pake, ndipo zinaoneka poyera kuti mzere wachinayi unayambira pamodzi ndi `for`.

"Analemba bwino. Moipa, koma bwino. Ndinasuntha ndine."

Ahedi anayang'ana kudenga. Anati ana achongedwenso potsata funso limene anapatsidwa. Anatinso kuyambira sabata imeneyo mphunzitsi wa kompyuta azidzitayipira yekha, ndipo teremu ikatha adzaona ngati aphunzitsi enawo sangachite chimodzimodzi. Mayi Mzere anamva bwino lomwe. Akachotsedwa pa mayeso, chotsala chinali makalata oitana makolo ndi kuyankha foni.

Madzulo amuna awo anawafunsa chimene chawadetsa nkhope.

"Ndalakwitsa kuntchito."

"Iwe? Chilembo chanji?"

"Si chilembo. Mpata."

Bamboyo anangopita kukathirira maluwa.

Mawa lake, pa nthawi ya nkhomaliro, Mayi Mzere anakaima pakhomo la chipinda cha makompyuta ndi lula yawo ndi mapepala opendekeka aja.

"Aphunzitsi, mundiphunzitse zozungulirazo."

"Zonse?"

"Zimene zimakwana pa pepala la Lachisanu."

Mphunzitsiyo anawalembera funso loyamba:

```
for i in range(3):
    print(i)
```

Iwo analemba 1, 2, 3, n'kudula mzere pansi.

"Ndi 0, 1, 2, amayi. Mukapanda kuiuza poyambira, imayambira pa ziro."

"Ndani amawerenga choncho? Ine ndili ndi ana atatu. Woyamba si ziro."

"Komabe manambala ndi atatu. Awerengeni."

Anawerenga. Analidi atatu, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri.

"Nanga 3 ali kuti? Ndikumuona apa."

"Ameneyo ndi mpanda. Imafika pamenepo n'kuima, siimukhudza."

"Ndiye mu funso lija 4 nayenso anali mpanda."

"Eya."

"Akanangolemba kuti mpanda," anatero, koma analemba m'mphepete mwa pepala.

Anawaonetsa njira imene amaphunzitsa ana: kujambula tebulo, chilembo chilichonse ndi danga lake, danga lomaliza la zotuluka, ndipo ulendo uliwonse mzere watsopano. Apa Mayi Mzere anafika kwawo. Matebulo awo anali oongoka moti mphunzitsi anapempha limodzi kuti akamate kukhoma. Ana obwera kudzatenga mabuku ankapeza mayi a muofesi atawerama pa desiki ya mwana, akunong'ona, "`i` ndi ziro. Ziro. Chabwino, ziro."

Pa masabata awiri otsatira mphunzitsi anadzitayipira yekha. Mapulogalamu anali olondola. Koma pepala loyamba linalibe malo olembapo dzina, ndipo lachiwiri linatuluka Lachisanu lomwelo belu litalira kale, funso lomaliza litadukira kuseri kwa tsamba. Mayi Mzere anaona mapepala onse awiri n'kupuma mwamphamvu.

Sabata yachitatu analowa okha mu ofesi ya ahedi.

"Bwana, ndikupempha kulemba mayeso a Lachisanu pamodzi ndi ana. Ndikalephera, mudzachite zimene mukuganizazo. Ndikakhoza, mundibwezere mapepala anga."

"Mayi, sitinachitepo zimenezi."

"Palibe lamulo loletsa. Malamulowo ndinatayipa ndine."

Lachisanu anakhala pa desiki yakutsogolo, chikwama pamiyendo. Kalasi inali zii. Mnyamata wa kumbuyo uja ananong'oneza mnzake kuti agogo abwereza kalasi, ndipo mtsikana wa funso lachinayi anatembenuka n'kumufunsa kuti 6 wake uja ali bwanji masiku ano. Ahedi anaima pakhomo, manja kumbuyo.

Funso lomaliza linali ili:

```
n = 0
for i in range(2):
    for j in range(3):
        n = n + 1
    print(n)
```

Mayi Mzere anaimika lula pa `print`. Inagwera ndendende pa `for` wachiwiri. Ndiye kuti `print` anali mkati mwa kuzungulira kwakukulu koma kunja kwa kwakung'ono. Kwakung'ono kuzungulire katatu, `n` afike pa 3, `print` ayankhule. Kenaka katatu kenanso. Analemba 3, pansi pake 6.

Mphunzitsi anachonga pepala lawo pomwepo, atayamba wawerenga kaye mafunso. Mayi Mzere anapeza anayi mwa asanu. Pa funso lachiwiri, la kuzungulira kwa mtundu wina kotchedwa `while`, anazungulira kamodzi kowonjezera.

Ahedi analandira pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Izi zikuoneka zolondola," anatero.

"Lachiwiri ndalakwa, bwana."

"Eya, eya. Ndimati ndinene."

Anabweza pepala, nati mafunso a kompyuta azipitanso kwa Mayi Mzere, ndipo za aphunzitsi ena aja aziiwale kaye. Anangoonjezera kuti mayiwa asamakonzenso chilichonse osafunsa mwini wake. Mayi Mzere anavomera, ngakhale ankadziwa kuti mphunzitsi wa sayansi adzadabwa kwambiri ndi zimene adzamve za iye mwini.

Lachitatu mphunzitsi wa kompyuta anabwera ndi mafunso ake, olembedwa kuseri kwa kalata yakale. Iwo sanawalandire. Anatsegula kabati, anatulutsa kope la masamu la timabokosi, n'kuliika patebulo pamodzi ndi pensulo.

"Mukopere umu. Chilembo chimodzi, bokosi limodzi. Polowa mkati mudumphe mabokosi anayi."

"Amayi, ndili ndi kalasi pakatha mphindi khumi."

"Ndiye yambani," anatero, n'kumukankhira mpando wa alendo.