Mzere wa a pulambala

Pa pulojekiti yathu yotsitsa madzi kuchokera m'phiri la Zomba, kaundula wa ziopsezo ankasungidwa ndi ine. Ndinkalembamo chilichonse chimene chikanatisokoneza: moto wa chilimwe, kugumuka kwa nthaka, akuba mapaipi. Chiopsezo chilichonse tinkachipatsa manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5, ina ya kuthekera koti chichitike, ina ya kukula kwa vuto chitachitika. Tikachulukitsa n'kufika 15, mzerewo unkafiira, ndipo tinkauunika Lolemba lililonse m'malo mwa kamodzi pamwezi. Kumapeto kunali mwini, woyang'anira chiopsezocho, ndi tsiku lounikanso.

Danga la mwinili linandiphunzitsa kukayikira anthu. Aliyense ankaliona ngati khoti, ndipo ndikangoyandikira ndi cholembera, akuluakulu a ndevu zawo ankakumbukira maliro a kwawo.

Mzere wachisanu ndi chinayi unali wa a pulambala athu, bambo wachikulire wa ku Malosa. Mapaipi akale amene tinkalumikizako anawakwirira ndi iwo, mapu kunalibe, ndipo mavalavu onse otsegulira ndi kutsekera madzi anali m'mutu mwawo. Tinalemba kuti chiopsezo n'chakuti munthu yekhayo wodziwa njira ya mapaipi angasowe. Kuthekera 2, kukula 5, mwini iwowo. Iwo anaseka n'kunena kuti adzapita pokhapokha phiri litasamuka.

Ndiye Lolemba lina, tsiku lounika lisanakwane, anafika pa desiki panga chipewa chili m'manja.

"Mayi, pa 2 paja lembanipo 5. Ndipo mwini mukhale inuyo."

Ndinawafunsa chimene chasintha, chifukwa nambala sisuntha popanda chifukwa. Anangoti zinthu zimasintha, n'kupempha kuti Lachisanu lililonse tizikwera phiri limodzi, iwo akuloza mavalavu, ine ndikujambula mapu.

Galu wamkota sakandira pachabe, ndinatero mumtima. Ndinali nditaona kale kuti Lachinayi lililonse amavala jekete n'kutsikira m'tauni osatsanzika. Dalaivala wathu, amene pakamwa pake panalibe chitseko, anati bungwe lina ku Lilongwe likufuna apulambala. Basi ndinamaliza mlandu ndekha: apeza ntchito, akusamba m'manja, ndipo madzi akadzasiya kutuluka, dzina lokhala pa mzerewo lidzakhala langa. Ndinakwiya zedi. Ndinali wamng'ono pa onse mu ofesimo, ndipo ndinkadziwa kuti zoipa zimatsikira kwa wamng'ono ngati madzi a m'paipi.

Nambala ndinaisintha, poti mwini akanena umalemba, ndipo 25 anafiira pamwamba pa mizere yonse. Abwana atawafunsa pa msonkhano, a pulambala anangoti munthu sakhala mwini wa kusowa kwake. Abwana anavomera, dzina langa n'kulowa.

Tinakwera kasanu. A pulambala ankayenda pang'onopang'ono, n'kumakhala pa mwala uliwonse, ine n'kumati akundichedwetsa dala kuti tsiku lithe. Ankaloza mtengo wa mkuyu, kuwerenga mapazi khumi, kukumba ndi chikwanje, valavu n'kuonekera. Tsiku lina ndinaona kuti lamba wawo wabooledwa mabowo atsopano ndi msomali. Ndinaganiza kuti ndi kuumira, munthu akusunga za ulendo.

Kenako ndinayamba kuzemba. Ndinkafuna aulule kaye, anene pamaso pa abwana kuti akutithawa. Lachisanu ndinkapeza lipoti lofulumira, ndipo Lolemba ndinkalemba kuti palibe chasintha, n'kukankhira tsiku lounika sabata ina. Katatu ndinachita zimenezo. Kaundula sakana chimene wamulemba. A pulambala ankabwerabe, n'kuima pakhomo nsapato za jombo zili kuphazi.

"Kwatsala chigawo cha kumtunda chokha, mayi. Tisachedwe."

Ndinawayankha kuti ngati akufulumira, basi ya ku Lilongwe siwasiya. Anavala chipewa n'kumapita.

Sabata yotsatira sanabwere. Akazi awo anatuma uthenga woti agonekedwa, ndipo m'pamene ndinamva kuti Lachinayi lija linali la kuchipatala. Kunyumba anali atawabisira za matendawo miyezi ingapo, kuopa kudziitanira imfa ndi pakamwa. Malo okhawo amene anayerekeza kunenapo anali pepala langa, ndipo ananena ndi nambala. Tinawaika ku Malosa mvula yoyamba isanagwe.

Mvulayo itabwera, paipi ya kumtunda inatsekeka ndi matope. Tinakumba masabata atatu kufunafuna valavu yotsukira, amayi a midzi iwiri atabwerera kumtsinje ndi zidebe. Masabata atatu, ofanana ndi amene ndinazemba. Manyazi ake sanandichokebe.

Pa msonkhano wotsatira abwana anati mzerewo utsekedwe, poti chimene chachitika kale sichikhalanso chiopsezo, chimapita ku mndandanda wa mavuto. Anafunsa kuti mwini wake anali ndani, ngakhale pepala linali patsogolo pawo. Ndinati ndine.