Minibasi Imene Chitseko Anakanizidwa Kugula

Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mayi ake ndi mkazi wake basi. Ku depoti aliyense ankangoti Chitseko, chifukwa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zoyamba kutuluka, ntchito yake inali kutsegula ndi kutseka chitseko cha minibasi za eni. Anali kondakitala wa mawu osasa, koma wosatukwana. Mayi akabwera ndi dengu la tomato, Chitseko ankatsika, n'kulinyamula yekha, n'kulipezera malo poti lisaphwanyike.

Maloto ake anali amodzi: minibasi yakeyake, iye atakhala pachiwongolero, wina akumukuwira anthu. Laisensi yonyamulira anthu anaipeza kalekale, koma inkangogona m'chikwama. Mkazi wake, telala wosokera pakhonde, ankasunga naye limodzi kangachepe kalikonse, ndipo zitatha zaka zambiri ndalama zija zinakwana mtengo wa minibasi yakale.

Yogulitsa inalipo. Mwini wake anali dalaivala wokalamba yemwe anthu ankamutcha a Giyawani chifukwa choyendetsa pang'onopang'ono. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ana awo anawaletsa kugwiranso chiwongolero.

Chitseko anafika kwawo m'mawa, atavala malaya osita. Minibasi inali pansi pa mtengo, yotsukidwa, mipando yake yosokedwa zigamba mwaluso. Anaizungulira, n'kumenya matayala ndi phazi monga ankaonera ena akuchitira. Atailiza, inalira kamodzi n'kamodzi. Mtima wake unagula pomwepo.

"Bambo, ndaikonda. Tisataye nthawi," anatero.

A Giyawani anamuuza azimitse injini, akhale pampando.

"Mwana wanga, ukandipatsa zimene wabweretsazo, kunyumba kutsala chiyani?"

"Kutsala manja angawa, bambo."

"Manja sagula matayala. Awiri akumbuyowo atha. Inshuwalansi ikutha mwezi uno, chilolezo chonyamulira anthu chimodzimodzi, ndipo oyeza magalimoto sangakupatse pepala ndi matayala amenewo. Koma zimenezo ndi zazing'ono. Tukula mpando wakutsogolowo, utsegule pothirira oilo."

Chitseko anatukula mpando, n'kupotokola chotsekera. Kunsi kwake kunali phala loyererako, lonanda ngati mkaka wosasa.

"Madzi akulowa mu oilo," anatero mkuluyo. "Gasiketi inapsa. Pano yalira bwino chifukwa ilibe katundu. Uidzaze anthu, ukwere nayo chitunda, uona utsi woyera kumbuyo, madzi akuwira. Injiniyi ikufunika kutsegulidwa, ndipo makaniko akatsegula sapeza vuto limodzi."

"Ndikonza pang'onopang'ono."

"Ndi ndalama ziti, galimoto ili chiimire? Ndakuona ukukula pa chitseko paja. Sindingadye thukuta lako n'kumagona tulo. Iyi ndigulitsa kwa munthu wa galaja, wodziwa zimene akugula. Iwe yamba ndi njinga yamoto yatsopano."

Chitseko anatuluka pageti osatsanzika bwino. Njinga! Munthu wa ana atatu, azikalimbirana makasitomala ndi anyamata ometa mbalimbali? Ku depoti anali atalengeza kale kuti mawa lake abwera ndi galimoto.

Mkazi wake anamvetsera nkhani yonse phazi lili pa makina, osasiya kusoka.

"Ndiye mwakwiya chifukwa munthu wakana kukuberani?"

"Wandinyoza."

"Abambo, wogulitsa amene amakuonetsa yekha pamene pabooka munamuonapo kuti? Ine ndikagula nsalu pamsika amandipindira poola mkati." Analuma ulusi n'kuwonjezera, "Minibasiyo ikafa, tidya mipando?"

Mawu amenewo anamukhala mumtima sabata yonse. Kenaka anapita kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe ankakonza njinga zamoto kuseri kwa msika.

"Alamu, ngati n'kugula, ndigule yotani?"

"Musatengeke ndi utoto," anatero mlamuyo. "Gulani mtundu umene wadzaza mumsewumu, kuti chitsulo chikathyoka muchipeze pa shopu iliyonse. Injini ikhale yokulirapo, mpando wautali, ndi choikapo katundu kumbuyo. Ndipo ndalama musathere pa njinga."

Anapita onse atatu kushopu. Mlamu anagwada n'kuwerenga nambala ya injini ndi ya felemu, mkazi wa Chitseko akutsatira ndi chala papepala kuti zifanane. Anagula zipewa ziwiri, chake ndi cha kasitomala. Zotsala zinakwanira kulembetsa njingayo m'dzina lake, nambala, inshuwalansi ndi laisensi, popeza ya galimoto ija siigwira ntchito pa njinga.

Vuto linali limodzi: Chitseko anali asanayendetsepo njinga yamoto chibadwire. Kuchoka kushopu anayendetsa ndi mlamu, mwini wake atakhala kumbuyo, atakumbatira mlamu wake m'chiuno. Tsiku loyamba kuphunzira, pa bwalo la mpira, anasiya klatchi mwadzidzidzi. Njinga inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, iye n'kutsala pansi, miyendo m'mwamba.

"Alamu, njinga yatsopanoyi mukuiphunzitsa kuyenda yokha?"

Anadzuka, n'kuyamba waona njinga asanaone chigongono chake chimene chinkatuluka magazi.

Atapambana mayeso analembetsa pa siteji ya njinga pafupi ndi msika, n'kupatsidwa chovala chowala. Mlamu anamuchenjeza kuti injini yatsopano saithamangitsa, ndipo oilo woyamba amasinthidwa msanga. Choncho Chitseko ankayenda mofatsa, anyamata a pa siteji akumupitirira ndi hutala. Anzake a ku depoti akamuona ankakuwa pawindo, "Chitseko! Chitseko chako chili kuti?"

Koma amayi a pamsika anamuzindikira ngakhale anali m'chipewa. Woyamba anali mayi wogulitsa mazira.

"Si inu a kondakitala aja? Anyamatawa andiswera mazira kokwanira. Tiyeni."

Anafikitsa mazira onse amphumphu. Mayiyo anauza mnzake wa tomato, wa tomato anauza namwino wa pachipatala, namwino anauza mphunzitsi woyembekezera. Posakhalitsa foni ya Chitseko inkalira asanafike n'komwe pa siteji.

Minibasi ija inagulidwadi ndi mwini galaja. Mlamu ndiye anabweretsa nkhani yake: atatsegula injini anapeza mutu wake wang'aluka, ndipo galimoto inakhala pa miyala nyengo yonse ya mvula kudikira mutu wina. Chitseko atamva, Loweruka lake anagula shuga ndi sopo, n'kupita kwa a Giyawani.

"Bambo, tsiku lija ndinachoka ngati mwana wopanda mwambo."

"Unachoka ngati munthu amene mkazi wamukana," anaseka mkuluyo. Anatuluka, n'kupapasa njingayo kuyambira pa nyale mpaka kumbuyo, n'kukankha tcheni ndi chala. "Yakhwepa iyi. Ukaikunge lero lomwe."

Masiku ano njinga zilipo ziwiri. Inayo amayendetsa mphwake. Pakhonde anafolera malata atsopano, kuti mvula isamavumbwe makina a mkazi wake. Njinga zonse zimagona pabalaza, ndipo tebulo linasamukira kukhitchini. Alendo akabwera amakhala mopanikizana, mawondo atagunda tayala, fungo la petulo lili m'mphuno.

Mkazi wake amadandaula tsiku ndi tsiku kuti oilo akudontha pasimenti yake. Amadandaula uku akuyala katoni pansi pa injini, ndipo posachedwapa anasoka nsalu ziwiri zamaluwa zofundika mipando ya njingazo.