Tsiku Limene Ndinakankha Khoma

Ndili Fomu 1 pa sekondale ina ya ku Nathenje, aphunzitsi athu a sayansi anandiitanira kutsogolo kuti ndikankhe khoma la kalasi. Ndinakankha mpaka thukuta kamukamu. Kenaka iwo anati, "Mnzanuyu sanagwire ntchito iliyonse pakhomali."

Anzanga anaseka, koma ine zinandiwawa. Mayi anga ankasenza nkhuni kuchokera ku Dzalanyama, ndipo ndinali nditamva a Fomu 2 akunena kuti m'sayansi kuyenda ndi katundu pamutu si ntchito.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti mayi anga sagwira ntchito?"

Aphunzitsiwo sanaseke. "Amagwira, mwanawe, kuposa ine," anatero. "Kungoti sayansi inabwereka mawuwa n'kuwapatsa tanthauzo lopapatiza. Kwa ife, ntchito imagwirika pamene chinthu chasunthira komwe ukuchikankhira. Akamatukula mtolo kufika pamutu, kapena kukwera nawo chitunda, imeneyo timaiwerenga. Pachidikha mutu umakankhira mtolo m'mwamba pamene mtolowo ukupita kutsogolo, choncho imeneyo sitiiwerenga. Koma kutopa kwawo n'koona, minofu imadya mphamvu ndithu."

Ndimawathokozabe. Akanandiseka tsiku limenelo, sayansi ndikanaitaya, ndipo lero sindikanakhala ndikuiphunzitsa ku Mitundu.