Wailesi Yokana Mawu a Mng'ono Wanga

Bambo anga anakana kukwera galimoto yachipatala mpaka atamva mawu a mwana wawo. Mwanayo sindinali ine, amene ndinawanyamula kuchoka ku Dambe m'mawawo, ayi. Anali mng'ono wanga amene anapita ku Joni atakangana nawo, ndipo kwa zaka zitatu awiriwa anali asanalankhulane. Madokotala pa Boma anati bambowo apite ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni, galimoto inyamuka 11 koloko. Iwo anangokhala pabenchi, chipewa pamaondo, n'kunena kuti: “Ku mpeni sindipita ndisanamumve.”

Uthenga unalipo. Mng'ono wangayo anali atatumiza mawu ojambula pa foni yanga mbandakucha, poti kumunda wa mphesa kumene amagwira ntchito mafoni amatsekeredwa mpaka madzulo, moti kumuimbira sikukanatheka. Vuto linali makutu a bambo. Ndinawagunditsa foni pakhutu, ndinabwereka timahedifoni kwa mayi wina wodikirira wodwala, koma iwo anati akungomva udzudzu. Malo okha amene ankamva bwino anali m'kagalimoto kanga konyamula anthu, chifukwa kumbuyo ndinaikako masipika aakulu. Mauthenga a maliro a pa wailesi ankawamvera mmenemo.

Ndinawalowetsa kumpando wakumbuyo, n'kuyatsa bulutufu yolumikiza foni ndi wailesi. Pagalasi la wailesi panatuluka dzina la foni yanga, kusonyeza kuti zagwirana. Nditadina uthengawo, mawu anatulukira pa kasipika ka foni komweko, masipika a galimoto ali zii. Ndinazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Ndinapotokola batani la voliyumu mpaka kumapeto, kenako ndinaimenya mbama wailesiyo, ngati kuti inali ndi tsaya.

Mtima wanga ndi wapachala, onse a pasiteji amadziwa. Nthawi inali itadutsa 10 koloko, ndipo ndinagamuliratu kuti wailesiyo yapsa. Ndinayendetsa mothamanga kupita kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto, bambo ali kumbuyo akugwira chipewa chawo. Ndinafika sikuludalaiva ili kale m'manja.

“Achimwene, zulani ichi muike china. Changu chonde.”

Mkuluyo ndi munthu wosafulumira, wa mtundu umene umandidwalitsa mutu. Anayamba wapereka moni kwa bambo, kuwafunsa za kumudzi ndi mvula, kenako anandilanda sikuludalaiva ija n'kuiika m'thumba mwake.

“Kodi mwaona chiyani kuti muziti yapsa?”

“Siikulankhula.”

“Siikulankhula chilichonse, kapena siikulankhula za foni yanu zokha?”

Funsolo linandikwiyitsa kwambiri. Iye anadina batani losinthira, kuchoka pa bulutufu kupita pa FM. Nyimbo ya kwaya inaphulika mwamphamvu moti amayi ogulitsa mbatata chapafupi anatembenuka onse, poti voliyumu ndinali nditaisiya kumapeto. Anatsitsa, n'kumvetsera sipika iliyonse, yakutsogolo ndi yakumbuyo.

“Mwamva eti? Masipika ali moyo, mawaya ali bwino, chokuzira mawu m'katimo chikugwira. Ikanakhala kuti yapsa, kapena waya wamasipika waduka, kwayayi sitikanaimva. Tsopano tione khomo la bulutufu.”

Ine maso anali pa wotchi ya pa dashibodi. Iye anabwezera wailesi pa bulutufu, anazimitsa bulutufu ya foni yanga, n'kulumikiza foni yake. Anaika nyimbo, ndipo inamveka bwinobwino m'galimoto monse.

“Wailesi yanu ilibe mlandu. Mukanaizula mukanataya chabwino, yatsopanoyo n'kukhalanso chete. Nkhani ili m'foni mwanu.”

Anati ngati ndili pachangu ndimutumizire uthengawo auike pa foni yake. Ndinakana ndi ukali umene unamudabwitsa. Za m'banja mwathu sindinkafuna zikagone m'foni ya munthu wina. Sanatsutse. Anangolumikizanso foni yanga, n'kundiimbira ali chiimire panja. Nditayankha, mawu ake anatuluka m'masipika onse, “Halo, halo,” mpaka bambo anadzuka pampando kufunsa ngati ndi mwana wawo uja.

“Ayi bambo, ndi amisiriwa.”

Anakhalanso pansi, ndipo nkhope imene anaonetsa sindinafune kuiyang'ana kawiri.

Mkuluyo anaweramira pawindo. Anati foni ikagwirana ndi wailesi imatsegula njira ziwiri, ina ya kuimbirana, ina ya nyimbo ndi mawu ojambula, ndipo ina ikhoza kutsekedwa inzake ili yotsegula. Anandiuza kuti ndilowe pomwe pali bulutufu, ndidine kachizindikiro ka pambali pa dzina la wailesi. Panali timabatani tiwiri. Ka mafoni kanali koyaka, ka nyimbo kozima.

“Aka sikazima kokha kawirikawiri. Alipo anakazimitsa.”

Pamenepo ndinakumbukira, ndipo manyazi anandigwira. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditadzaza anthu kupita ku Zalewa, awiri kutsogolo, ena opanikizana kumbuyo ndi matumba a nandolo. Uthenga wa mng'ono wanga unalowa, ine n'kuudina osaganiza. Mawu ake anadzaza galimoto yonse, akulira, akuti ntchito yamuthera, akugona m'chisakasa, ndisawauze bambo. M'galimotomo munali anthu a kwathu amene amapemphera tchalitchi chimodzi ndi bambo. Ndinaponyera foni mphunzitsi wina amene anakhala pambali panga, n'kumuuza kuti achite chilichonse kuti mawu a munthu ameneyu asadzamvekenso m'galimoto mwanga. Anadinadina n'kundibwezera. Sindinafunse chimene anachita, ndipo poti nyimbo ndimaimba za pa fulashi, sindinazindikire kuti china chake chatsekedwa.

Ndinayatsa kabatani kaja. Mkuluyo anandikumbutsa kukweza voliyumu ya foni yomwe, poti nayo ikakhala pansi wailesi imangokhala duu. Kenako, popanda womuuza, anapita kukaima patali pafupi ndi amayi a mbatata aja. Ine ndinakweza magalasi onse.

Uthengawo unali waufupi. Mng'ono wanga anapereka moni mwaulemu ngati ali chogwada, anati wapeza ntchito ina, akudya bwino. Mpweya wake unamveka m'masipika. Kenako anati: “Bambo, ndinalakwa. Pitani kuchipatala, ndikufuna ndidzakupezeni.”

Bambo anali atatsamiritsa mutu pa sipika yakumbuyo, maso otseka. Uthenga utatha sanasunthe.

“Bwereza.”

Ndinabwereza. Wotchi inali kunena kuti kwatsala mphindi khumi, ndipo ndinaliza injini uthenga uli m'kati. Mkulu uja ndinangomukwezera dzanja, sikuludalaiva yanga n'kutsala m'thumba mwake. Tinamvetsera kachitatu tikudutsa pamsika, kachinayi tikulowa pageti la chipatala, galimoto yachipatala ija itatsegula kale chitseko.

Potsika, bambo anavala chipewa chawo n'kundigwira pamkono.

“Mawu akewo ndi a munthu woonda. Iwe umadziwa kuti anavutika?”

Ndinavomera kuti ndinkadziwa.

“Ndiye unangokhala nazo wekha?”

Sanadikire yankho. Anakwera okha, osafuna kugwiridwa, n'kukhala pafupi ndi windo. Galimoto itanyamuka ndinabwerera m'kagalimoto kanga, ndipo anthu a ku Zalewa anali akundiimbira kale kuti ndili kuti. Sindinayankhe. Ndinatsitsa magalasi onse, n'kuudinanso uthenga wa mbandakucha uja.