Kalata imene Amayi Ndikumva anakana kukometsa

Ana a pasekondale imene yayang'anizana ndi benchi langa amawatchula Amayi Ndikumva, chifukwa mwana akamalankhula iwo samudula pakamwa, amangoti, "Ndikumva." Ndiwo mlangizi wa ana pasukulupo. Anaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kenako anakachita maphunziro a uphungu. Amati anatopa ndi kuthetha makope a ana amene vuto lawo silinali masamu. Muofesi yawo kale munkasungidwa mabuku. Muli mipando itatu yofanana msinkhu, kabati yokhoma, ndi katani yokhuthala pawindo kuti odutsa asadziwe amene walowa.

Ine ndimagulitsa makope, zolembera ndi zikwama pageti. Amayiwa ndinkawadziwa ngati kasitomala wosakonda kunenerera, mpaka chaka chatha pamene mlongo wanga anayamba kusintha.

Mlongo wangayo ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kunyumba tinkamuti Wailesi, chifukwa akayamba nkhani panalibe pozimitsira. Teremu yachiwiri anangoti zii. Anasiya kwaya, anasiya kuyenda ndi anzake, chakudya ankangochigwiragwira. Tsiku lina akalipa chifukwa cha supuni, mawa lake alira osanena chifukwa. Amayi athu, amene ndi telala, ankati ndi kukula. Ine ndinkawerenga masiku, poti pageti ndimaona aliyense wolowa. Pa masiku makumi anayi anajomba khumi ndi atatu.

Amayi Ndikumva anakumana naye kasanu m'milungu isanu ndi umodzi. Kenako anaitana amayi athu, nane ndinawaperekeza. Anatiuza mosazungulira kuti zimene akuona zapitirira zimene sukulu ingathe, ndipo akufuna kulembera kalata dokotala wa matenda a maganizo a ana kuchipatala chachikulu. Amayi anafunsa ngati zikutanthauza kuti mwana wawo wapenga. Mlangiziyo anati ayi, ndipo dzina la matenda iwo salemba, ndi ntchito ya dokotala. Iwo amalemba zimene zaoneka, tsiku limene zinayamba, ndi zimene sukulu yayesa. Amayi anavomera kuti kalata ilembedwe. Ndinafunsa kuti tidikira nthawi yaitali bwanji. Anati kalata wamba imatenga milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, koma mwana amene moyo wake uli pachiswe amaonedwa msanga.

Mutu wanga unathamanga. Milungu isanu ndi umodzi, pa kajombedwe kake, ndi masiku ena khumi otayika, ndipo ndinkaona kuti akatero sabwereranso kusukulu. Ife amalonda tikafuna khumi timayambira makumi awiri. Mawa lake m'mawa ndinasiya benchi m'manja mwa mnzanga wogulitsa zipatso n'kukagogoda kuofesi ndekha. Ndinawapempha akometse kalatayo, alembe kuti mtsikanayo wayesapo kudzivulaza. Ndinati achipatala akachotserako, zotsalazo zidzakhala zoona zenizeni.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, kuno si kumsika. Dokotala sanenerera. Chimene ndalemba amachitenga chonse, n'kukachifunsa kwa mwana."

Anafotokoza kuti kalata iliyonse amayamba aiwerenga ndi mwiniwake, awiriwiri, mzere ndi mzere, isanaonedwe ndi kholo. Mlongo wanga akamva bodza lokhudza iye likutuluka pakamwa pa munthu wamkulu yekhayo amene ankamuuzabe zinthu, ndiye kuti khomo lomaliza latsekeka. Ndinayesa kubwereza. Anaseka pang'ono n'kunena kuti ngati manambala akundiyabwa, ndiwabweretsere oona: amagona nthawi yanji, amadzuka kangati, amadya kangati patsiku. Ndinatuluka makutu ali kutentha, komabe kwa masiku anayi ine ndi amayi tinalemba zonsezo kuseri kwa katoni.

Lachisanu masana tinapita kukasaina. Ine ndi amayi tinakhala pabenchi la pakhonde, mlongo wanga ali mkati. Amayi Ndikumva anali atati ndi mphindi khumi chabe. Belu linalira, ana anatuluka, khonde linakhala mbee, ife tili pomwepo. Titaitanidwa patatha pafupifupi ola, maso a mtsikana anali ofiira, koma anakhala mowongoka.

Mlangiziyo anati mlongo wanga wavomera kuti timve zonse, ndipo anayamba kuwerenga. Kalatayo inali tsamba limodzi ndi theka. Munali tsiku lake lobadwa ndi kalasi yake. Munali mwezi umene aphunzitsi awiri anayamba kuona kuti akukhala yekha. Masamu anatsika kuchoka pa 78 kufika pa 41. Masiku khumi ndi atatu aja analimo, za pakatoni pathu zinalimonso: amadzuka usiku kawiri kapena katatu, amadya kamodzi patsiku. Analemba kuti samwa mankhwala aliwonse, kuti anakana zoti wina akumuvutitsa kusukulu kapena kunyumba, ndiponso kuti sukulu inamusinthira pokhala n'kumuchepetsera ntchito koma sizinathandize. Kumapeto anapempha dokotala kuti amuyeze ndi kulangiza sukulu chochita.

Mzere umodzi unali wofufutidwa ndi cholembera. Poyamba unkati mwanayo atafunsidwa kawiri anati alibe maganizo ofuna kufa. Atafika pamenepo powerenga awiriwiri, mlongo wanga anawaimitsa. Anati zina zonse alemba ndendende monga zilili, nayenso sangasiye mzere umodziwo uli wabodza. Pamwamba pake panali mawu ake, amene Amayi Ndikumva anawerenga mosasintha liwu: "Kuyambira mwezi watha nthawi zina ndimalakalaka nditagona osadzukanso. Sindinachitepo kanthu ndipo sindinakonze chilichonse."

Amayi athu anagwira pakamwa. Kenako anasuntha mpando n'kutenga dzanja la mwana wawo.

"Bwanji osandiuza, mwana wanga?"

"Ndimaopa kuti mulira, amayi."

"Ndilira ndithu. Koma uzindiuzabe."

Amayi Ndikumva sanataye nthawi. Anakonza mzerewo pakompyuta, anasindikiza kalata yatsopano, amayi anasaina chilolezo. Anaimbira kuchipatala ife tikumva, n'kuwerengera nesi mawu a mtsikanayo. Achipatala anatipatsa Lolemba m'mawa. Za masiku awiri apakatiwo mlangiziyo anatilembera papepala: asakhale yekha nthawi yaitali, mankhwala onse a m'nyumba amayi awakhomere, ndipo akanena kuti maganizowo akula tisadikire Lolemba, tipite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kwa ine anangowonjezera kuti ndisamufunse mafunso ngati wapolisi.

Lolemba dokotala, bambo wamfupi wa nsapato zakutha, anawerenga kalata yonse asanatiyang'ane. Anacheza ndi mlongo wanga payekha, kenako ndi amayi, kenako tonse. Anamutumiza kukayezetsa magazi kuti aone ngati palibe matenda ena a m'thupi ofooketsa munthu. Anati mankhwala sayamba nawo tsiku loyamba. Anamulembera kuti azikumana ndi katswiri wokambirana naye mlungu uliwonse, iyenso amuonanso pakatha milungu iwiri. Ananena kuti kalata yotere imamupulumutsira maulendo awiri, chifukwa sayambira pa ziro.

Mlongo wanga sanachire tsiku limodzi. Pali milungu imene inali yolemera, ndipo kwaya sanabwerereko. Koma mwezi wotsatira, pa masiku makumi awiri a sukulu analowa pageti khumi ndi asanu ndi awiri. Pa atatu otsalawo, awiri anali kuchipatala. Teremu yachitatu anaimaliza, mayeso analemba onse.