Imelo ya Mlembi wa Kopaletivi Yathu

Alembi akale a kopaletivi yathu ya mtedza ku Nsaru atagwa pachisankho, anapita ndi imelo yawo, makalata onse a ogula ali momwemo. Nditalowa m'malo mwawo, ndinalumbira kuti zimenezi sizidzachitikanso.

Tinalembetsa dzina la kopaletivi pa intaneti, lija amati domeni, n'kulilumikiza ku kampani yosunga maimelo. Tikusankha adiresi ya imelo yatsopanoyo, apampando anandifunsa kuti, "Kumayambiriro kuno tilembe dzina lanu, eti?"

Ndinakana. Ndinati tingolemba kuti "mlembi" basi, kuti aliyense wodzakhala paudindowo azidzaigwiritsa ntchito. Anthu anandiwombera m'manja.

Pachisankho chotsatira ndinagwa ndine. Ndinapereka pasiwedi kwa mayi amene anandipambana, ndipo anaisintha pomwepo, ine ndisanakwere n'komwe njinga yanga.