Meseji ya Maso a Mayi Anga

Mayi anga ankasoka zovala pakhonde la golosale ina ku Chinsapo. Anabwera ndi makina awo osokera kuchokera ku Ntcheu ine ndisanabadwe, ndipo mayunifolomu a ana a sukulu a m'dera lathu ambiri anadutsa m'manja mwawo. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso sanauze munthu. Ndinazindikira ndekha nditawaona akulowetsa ulusi pasingano mongopapasa, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Nthawi imeneyo ndinkalemba mapulogalamu a kompyuta pakampani ina yaing'ono ku Area 23. Kampani ndikungoitchula mwaulemu, inali nyumba yogonamo yomwe anachotsamo mabedi n'kuikamo matebulo. Mwini wake, amene tinkamutcha bwana, ankadziwa kulemba khodi bwino ndithu, sindingamunamizire. Koma chimene ankachiopa kuposa moto ndi kuchita manyazi pamaso pa kasitomala.

Tinapeza ntchito kukachipatala kena ka maso ku Biwi. Kumeneko kumabwera madokotala ochita opaleshoni ya ng'ala kamodzi pachaka, nyengo yozizira, ndipo sakhalitsa. Odwala amalembetsa chaka chonse, akalaliki n'kumasunga mayina ndi manambala a foni mukompyuta. Ntchito yanga inali kulemba pulogalamu yoti tsiku likadziwika, izitenga odwalawo mmodzimmodzi n'kutumizira aliyense meseji yomuuza tsiku lobwera.

Ndinapempha kangapo kuti akuchipatala atipatse manambala enieni a odwala oti ndiyesere. Sanatipatse, ndiye ndinayesera manambala ongopeka, olembedwa bwinobwino ngati a m'buku la kusukulu. Manambala enieniwo ndinawaona koyamba tsiku lokaonetsa ntchito, akuluakulu a chipatala atakhala pamipando kutsogolo kwa sikirini.

Bwana anadina batani. Mameseji oyamba anapita. Kenako pulogalamu inaima, zenera lake linatsekeka, n'kutsala mizere yofiira yokhayokha yotsika mpaka pansi.

Ine sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa mizere yofiirayo ndi imene ndimaidalira. Pulogalamu ikakumana ndi chinthu chimene singathe kuchita, chigawo chimene chakumana nachocho chimaponya chidziwitso cha vutolo, chimene timachitcha exception. Kuti chisagwetse zonse, khodi yokayikitsa timaiika m'kati mwa try, ndipo pansi pake timalemba catch, momwe timanena zoti zichitike vutolo likabwera. Ngati pamalopo palibe catch, exception imakwera kupita ku chigawo chimene chinaitana chimenechi. Kukapanda catch kumenekonso imakwerabe, mpaka kukafika pamwamba penipeni. Ikafika pamenepo popanda woigwira, pulogalamu yonga yathu ija imafa, koma imafa itanena dzina la vuto ndi mzere umene layambira, ndi njira yonse imene ladutsa.

Ndinawerenga mizereyo ndipo nthawi yomweyo ndinaona chimene chachitika. Wodwala wina anali ndi manambala awiri m'bokosi limodzi lolembamo foni, pakati pake kalaliki ataikapo kamzere kopendama. Chigawo chofufuza nambala chinkayembekeza manambala okhaokha, chitaona kamzereko chinaponya exception, ndipo panalibe catch. Onse amene anali pambuyo pa munthu ameneyo sanatumiziridwe kanthu.

Aliyense wokhala mu Lilongwe amadziwa kuti munthu sapereka nambala imodzi. Ali ndi masimu awiri, kapena foni yake ili kotchajitsa, kapena ndi wamkulu ndipo akufuna mwana wake adziwenso. Ukamufunsa nambala amakupatsa ziwiri, ndipo kalaliki wachifundo amazilemba zonse.

M'galimoto pobwerera, titadutsa Kawale, bwana anayamba kundikalipira.

“Wandiyalutsa,” anatero. “Pamaso pa makasitomala, system kukrasha choncho?”

“Bwana, bola yakrasha lero tikuona,” ndinayankha. “Yatiuza pomwe pali vuto. Ndiika try ndi catch pa wodwala aliyense payekha. Nambala ikakanika, catch ilembe dzina la munthuyo, pulogalamu ipitirire kwa wotsatira. Pomaliza iwonetse akalaliki mayina a amene sanalandire, awaimbire. Ndipo manambala awiriwo tiwalekanitse.”

“Ndiye kasitomala aziona kuti system yathu ikulephera? Ayi. Usiye, ndikonza ndekha.”

Mwezi utatha anandiuza kuti ntchito zachepa, ndidikire kaye kunyumba, adzandiimbira. Sanandiimbirepo. Ndinapeza ganyu yokonza makompyuta pasukulu ina ku Area 25, ndipo za pulogalamuyo ndinaziika kumbuyo. Ndinkakhulupirira kuti bwana, ngakhale anandikwiyira, wachita zimene ndinanena, popeza si nzeru zachilendo, ndi zimene aliyense amaphunzira koyambirira.

Ndine amene ndinawauza mayi kuti akalembetse ku Biwi. Anapita ndi mnzawo wa kutchalitchi, anawayeza, n'kuwauza kuti maso onse awiri akufunika opaleshoni ndipo adikire meseji. Anabwerako akusangalala ngati apambana mayeso.

“Akuti makina ako aja ndi amene adzandiitane,” anatero. “Ndawauza kuti mwana wanga ndi amene anawapanga.”

Kuyambira tsiku limenelo foni yawo inasiya kukhala m'chikwama. Ankaimangirira pakona ya chitenje. Ikalira, ankaibweretsa pafupi ndi diso lakumanja, lomwe linkaonako pang'ono, kenako n'kuitana aliyense wodutsa kuti awawerengere. Nthawi zambiri inkakhala meseji yotsatsa mabando a intaneti. Ndikapita kukawaona Loweruka, asanandifunse za moyo ankandipatsa foniyo.

“Taona, mwina yabwera ine osaiona.”

“Sinabwere, Amayi. Kukayamba kuzizira ibwera.”

Ntchito yawo inkatha pang'onopang'ono. Anasoka diresi la mkwatibwi wina mzere n'kukhota, ndipo nkhani inamveka. Mwini golosale, munthu wabwino, anati awasungira malo pakhondepo mpaka nyengo yozizira ithe, akachira adzabwerere. Makina tinawanyamula pawilibala kupita nawo kunyumba, mayi n'kuwafunditsa chitenje.

Kunazizira. Anthu anayamba kuvala majuzi a kaunjika, fumbi la ku Chinsapo linayamba kuuluka, meseji osabwera. Ine ndinkati madokotala achedwa, zimachitika. Mpaka Lamulungu lina mayi anakumana kutchalitchi ndi bambo wina amene analembetsa nawo tsiku limodzi, atamatidwa bandeji padiso, akuuza aliyense kuti akuonanso manambala a nyimbo pabolodi.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Biwi. Kalaliki amene ndinamupeza anali mayi wodekha, ndipo anandiuza kuti madokotala anapita sabata yapitayo.

“Mameseji tinatumiza kwa onse,” anatero, n'kunditembenuzira sikirini. Panali mawu obiriwira akuti mameseji onse atumizidwa. “Ena sanabwere, tinkangoti mwina asintha maganizo kapena apita kumudzi. Malo awo tinaikapo ena.”

Ndinamupempha atsegule dzina la mayi anga. M'bokosi la foni munali nambala yawo, kamzere kopendama, kenako nambala yanga.

Ndinamuthokoza kalalikiyo n'kutuluka. Kenako ndinapita ku Area 23.

Bwana anandilandira ngati palibe chinachitikapo pakati pathu. Nditamufotokozera, anatsegula khodi yekha, mwinanso monyadira. Try inalipo, pa wodwala aliyense, monga ndinanenera. Catch inalipo. Koma m'kati mwa catch munalibe kanthu, ngakhale mzere umodzi. Exception ikabwera inkagwidwa n'kutayidwa pomwepo, osalembedwa paliponse, osauzidwa munthu, pulogalamu n'kupita kwa wotsatira. Ikafika kumapeto inkalemba mawu obiriwira aja popanda kufunsa kuti ndi angati alandira.

“Waona?” anatero. “Chiikireni ichi system sinagwepo olo kamodzi. Makasitomala ali happy.”

“Bwana, mayi anga sanachitidwe opaleshoni.”

“Pepa kwambiri, sister. Koma imeneyo ndi data entry. Akalaliki akalemba zolakwika, ife titani? Ndiwauza azilemba nambala imodzi.”

“Nanga ena amene anadumphidwa ndi ndani? Mungawadziwe?”

Anakweza mapewa. Pulogalamuyo sinasunge chilichonse chosonyeza amene inawadumpha. Kuti adziwike, pankafunika munthu akhale pansi n'kufufuza bokosi lililonse, ndipo madokotala anali atapita kale.

Ndinamuda munthu ameneyo tsiku limenelo, ndipo mpaka pano sindinasiye. Akanangosiya khodi yanga monga inalili, yopanda catch, ikanagwa pa nambala yoyamba yovuta, kalaliki akanaona zofiira n'kuimba foni m'mawa womwewo. Kukanakhala kukalipirana, bwana akanachita manyazi, koma pofika masana vuto likanadziwika, madokotala asanabwere n'komwe. Sindikunena kuti pulogalamu yogwa ndi yabwino. Inayenera kugwira vutolo n'kulinena. Koma iye anasankha kuti igwire n'kukhala chete, chifukwa cha nkhope yake.

Ndinabwerera ku Biwi tsiku lomwelo n'kumuonetsa kalaliki uja kamzereko, kuti afufuze ena otere. Anagwira pakamwa. Anakonza nambala ya mayi ine ndikuona, n'kundiuza kuti dzina lawo likhala koyambirira madokotala akadzabweranso chaka chamawa. Kuchipatala chachikulu tinakalembetsanso, koma mzere wa kumeneko ndi wautali. Nyengo yotentha itayamba, mwini golosale anabwera kunyumba kudzapepesa. Pakhonde paja anaikapo telala wina.

Ndinayesa kuwafotokozera mayi zimene zinachitika. Ndinawauza za try, za catch yopanda kanthu, za bwana. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachitenje chofunditsa makina. Pa zonsezo anatolapo chimodzi chokha.

“Ndiye vuto linali manambala awiriwo?”

“Ayi, Amayi. Vuto linali munthu amene anabisa.”

“Ndinkafuna nawenso ulandire,” anatero. “Ndinkati ine sindiona, ikabwera kwa iwe undiuza. Ndikanangopereka yanga yokha.”

Ndinawauza kuti sanalakwe, ndipo ndimawauzabe. Amagwedeza mutu kundivomera, monga amachitira ndikamanena zinthu zimene sakuzikhulupirira. Loweruka lapitali mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzafunsa njira ya kuchipatala cha maso, kuti akalembetse amuna ake. Mayi anga anamulongosolera minibasi yokwera ndi potsikira, ndipo akutuluka anamuitananso pakhomo.

“Akakakufunsani foni,” anatero, “mukapereke nambala imodzi yokha. Musakachite zopusa ngati ine.”